Bilu ya madzi ikabwera pa foni, onani zinayi musanalipire

Ambiri mwa ife amene timachita lendi mashopu ndi nyumba ku Namitete, Nsaru kapena Mpingu sitigwira pepala la bilu m'manja. Eninyumba amakhala kutali, ena m'tauni, ndiye amangojambula pepalalo n'kutumiza pa WhatsApp ndi mawu akuti “lipirani”. Maso amathamangira pa nambala yaikulu ya m'munsi, ndipo apa ndi pamene ndalama za mpamba zimatayikira. Mapepala a Lilongwe Water Board, a Central Region Water Board ndi a mabungwe ang'onoang'ono oyendetsa madzi m'misika amasiyana kalembedwe, koma pa bilu yochokera pa mita pali zinthu zinayi zoyenera kuzifufuza: nambala ya akaunti, masiku amene biluyo ikuwerengera, madzi amene mwagwiritsa ntchito, ndi ndalama zoti mulipire.

Yambani ndi chithunzi chenichenicho. Chionetse pepala lonse, ngodya zonse zinayi, chifukwa chodulidwa pamwamba chimabisa dzina ndi deti. Chikulitseni ndi zala. Pa chithunzi chosawala bwino 3 amaoneka ngati 8, ndipo 1 amafanana ndi 7. Ngati nambala ina simukuiona bwino, pemphani chithunzi china, osangoganizira.

Choyamba ndi nambala ya akaunti, imene nthawi zambiri imakhala pamwamba pafupi ndi dzina, pa mawu akuti “Account Number”. Iyi ndi imene mumalemba polipira kubanki, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, ndipo sisintha mwezi ndi mwezi. Musaisokoneze ndi nambala ya mita, imene inadindidwa pa mita penipenipo. Mwininyumba amene ali ndi mapuloti awiri kapena atatu akhoza kukutumizirani bilu ya puloti ina mosazindikira. Choncho ngati nambala ya mita yalembedwa pa bilu, pitani panja mukaifananize ndi ya pa mita yanu. Mukatsimikiza kamodzi, lembani nambala ya akauntiyo pachikuto cha buku lanu la malonda. Mukaphonya nambala imodzi yokha, ndalama zikhoza kulowa kwa munthu wina, ndipo kuzibweza kumadya masiku amene mukanakhala mukugulitsa.

Chachiwiri ndi masiku. Fufuzani deti limene anawerenga mita ulendo wathawo ndi limene awerenga ulendo uno, kenako werengani masiku apakati pake. Bilu ya masiku 45 imakhala yaikulu kuposa ya masiku 30 ngakhale simunasinthe katungidwe. Madetiwa amathandizanso amene mwangolowa kumene m'nyumba: ngati masikuwo akuyambira musanalowe, gawo lina ndi la amene anatulukamo, ndipo nkhaniyo muikambe ndi eninyumba musanalipire.

Tsopano titenge chitsanzo. Nambala zonse ndi zongoyerekeza, mtengo weniweni muuone pa bilu yanu. Mayi wina ali ndi tiyirumu pamsika, nyumba yake ili kuseri, ndipo mita ndi imodzi. Pa bilu yake, pa “Previous Reading” palembedwa 412, ya pa 14 Juni. Pa “Current Reading” palembedwa 430, ya pa 14 Julayi. Tikachotsa 412 pa 430 patsala 18, ndipo 18 yemweyo ndi amene ayenera kuoneka pa “Consumption”. Ichi ndiye chachitatu chija.

Kodi 18 ameneyu ndi madzi ochuluka bwanji? Yuniti imodzi ya madzi, imene amailemba m³, ndi malita 1,000, kutanthauza zidebe 50 za malita 20. Mayuniti 18 ndi zidebe 900, ndipo tikazigawa pa masiku 30 ndi zidebe 30 patsiku. Apa mayi uja angathe kudzifunsa ngati kuphika tiyi, kutsuka makapu, kuchapa ndi kusamba kumamalizadi zidebe 30 tsiku lililonse. Ngati akudziwa kuti sapitirira 15, pali pena pamene pavuta.

Povutapo pamapezeka pa mita. Nambala zakuda ndi mayuniti athunthu, ndipo ndi zimene zimalembedwa pa bilu. Zofiira zimaonetsa madzi osakwana yuniti. Mita sibwerera m'mbuyo, ndiye ngati lero ikuonetsa 421 pomwe bilu ikuti 430, owerenga analakwitsa kapena anangoyerekeza chifukwa anapeza geti lotseka. Jambulani mitayo nambala zikuoneka bwino, mupite ndi chithunzicho ku ofesi ya madzi. Koma ngati mita ikuonetsa 432 kapena 433, bilu ndi yoona, madziwo anadutsadi. Zikatero tsekani mipopi yonse usiku, lembani nambala zakuda ndi zofiira zomwe, mudzaonenso m'mawa wina asanatunge. Zikasuntha, paipi ikutaya penapake kapena wina amatunga usiku. Madzi otayika atadutsa kale pa mita amalowa pa bilu yanu.

Chachinayi ndi ndalama. Tinene kuti yuniti imodzi, msonkho ndi zolipira zina tikaziphatikiza, ikufika K1,500. Mayuniti 18 ndi K27,000. Koma m'munsi, pa “Amount Due”, palembedwa K47,000. Kusiyanaku kukuchokera pa mzere wa ngongole yakale, umene ena amaulemba “Balance B/F” ena “Arrears”, pamene pali K20,000. Mayi uja analipira K20,000 imeneyo pa 18 Julayi, koma bilu inasindikizidwa pa 15 Julayi, malipirowo asanalowe. Choncho zimene zatsala ndi K27,000 basi. Akanalipira K47,000 yonse, zotsalazo zikanakhala pa akaunti kudikira mwezi wamawa, koma K20,000 yogulira shuga ndi ufa wa mandasi ikanachoka m'manja. N'chifukwa chake uthenga wa pa foni wotsimikiza malipiro suyenera kufufutidwa. Ngati munapereka ndalama kwa eninyumba koma ngongole ikuonekabe pa bilu yotsatira, afunseni mwaulemu lisiti lake, chifukwa akadzadula madzi wovutika ndinu.

Pomaliza, biluyo ilowe mu bajeti. K27,000 pa masiku 30 ndi K900 patsiku, kapena K30 pa chidebe. Mayi uja atawerenga kwa sabata imodzi apeza kuti tiyirumu imadya zidebe 20 ndipo pakhomo 10. Ndiye kuti K18,000 ichoke ku geni, K9,000 ichoke ku ndalama za pakhomo. Akamapatula K600 madzulo alionse potseka tiyirumu, bilu ikafika sakhudza mpamba, komanso amadziwa phindu lenileni la kapu ya tiyi.

Amene muli ndi magetsi a ESCOM ogula mayuniti, lisiti lanu ndi losiyana chifukwa mumalipiriratu. Pamenepo onani nambala ya mita, ndalama zimene mwapereka, mayuniti amene mwalandira olembedwa kWh, ndi tokeni ya manambala 20 imene imagwira pa mita yokhayo. Lembani deti logulira ndi deti limene mayunitiwo athera, mugawe ndalamazo pa masiku ake monga tachitira ndi madzi.