Kuwerengera masiku a tchuthi a munthu amene akusiya ntchito

Ku Malawi, lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati wogwira ntchito masiku asanu pa sabata akhale ndi masiku 15 a tchuthi pa chaka, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi akhale ndi 18. Amenewa ndi ochepetsetsa. Ngati kalata yolembedwera ntchito ikupereka ambiri, timatsata kalatayo. Masikuwa amaunjikana mwezi ndi mwezi, kotero woyamba uja amapeza tsiku limodzi ndi kota pa mwezi, winayo tsiku ndi theka. Otsala pa tsiku losiya ntchito amalipidwa ndalama, kaya munthuyo wasiya yekha kapena wachotsedwa.

Tiyerekeze mayi wina wa mu ofesi, wolandira K330,000 pa mwezi, wogwira Lolemba mpaka Lachisanu. Anayamba pa 1 Malichi 2022 ndipo akusiya pa 31 Okutobala 2024. Imeneyi ndi miyezi 32, yomwe ikumupatsa masiku 40. Buku la ku ofesi likuti anapuma 31, ndiye kuti kwatsala 9.

Musafulumire kukhulupirira bukulo. Itanitsani mafomu amene mayiyo ankasayina popita ku tchuthi, muwaone limodzi ndi kalendala ya chaka chimenecho. Fomu ina ikusonyeza kuti anapuma kuyambira pa 3 mpaka pa 16 Julaye 2023, ndipo kalaliki analemba masiku 14. Koma lamulo limanena za masiku ogwira ntchito. Loweruka ndi Lamlungu mayiyu sagwira ntchito, choncho masiku anayi achoka. Pa 6 Julaye, tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, panali Lachinayi, ndipo dziko lonse linali pa holide. Masiku enieni ndi 9 okha. Asanu abwerera kwa mwini wake, ndipo otsala aja tsopano ndi 14. Kawirikawiri cholakwa chotere sichichitika mwadala, kalaliki amangowerenga kuchokera tsiku lopita mpaka lobwerera.

Chatsala ndi mtengo wa tsiku limodzi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaluza osadziwa. Malipiro ogwiritsa ntchito ndi amene munthu akulandira posiya, osati a chaka chomwe masikuwo anaunjikana. Maofesi ambiri amagawa malipiro a mwezi ndi 22 kwa wogwira masiku asanu, kapena ndi 26 kwa wogwira asanu ndi limodzi. Ena amagawa ndi 30, zomwe kwa ine sizomveka: simungawerenge tchuthi m'masiku ogwira ntchito kenako n'kulipira ngati kuti munthuyo amagwiranso Lamlungu. Kwa mayi uja, kugawa ndi 22 kukupereka K15,000 pa tsiku, ndipo masiku 14 ndi K210,000, msonkho usanadulidwe. Akanangosayina pepala la masiku 9 a m'buku aja pa K11,000, mtengo wogawa ndi 30, akanatenga K99,000.

Akabwera abwana n'kunena kuti masiku a zaka zam'mbuyo anapsa, afunseni ngati mayiyo anapemphapo tchuthi n'kukanizidwa chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito. Fomu yokanidwa ndi umboni wamphamvu. Mukalephera kumvana, nkhani imapita ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ndipo ikakanika kumeneko imakafika ku khoti loona milandu ya zantchito.