Womasulira akaphimba mawu a mwini nkhani, tilembe za ndani?

Namondwe wa Freddy atakantha chigawo chakummwera kwa Malawi mu Marichi 2023, atolankhani a makanema akunja anafika ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, kumene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba. Anthu ankafotokoza tsoka lawo m'Chichewa. Koma nkhanizo zikamaulutsidwa, owonera ankamva Chichewacho kwa masekondi ochepa okha, kenaka mawu a wofotokozayo n'kutsika, pamwamba pake n'kubwera mawu a munthu wina akuwerenga m'Chingerezi. Njirayi ndi yakale pa nkhani za pa kanema ndi m'mafilimu ofotokoza zochitikadi. Ku Poland amachita zimenezi ngakhale pa mafilimu a zisudzo, munthu mmodzi n'kumawerengera osewera onse. Kwathu kuno tikuidziwa kudzera m'mafilimu a m'mavidiyo sho amene anyamata amawamasulira m'Chichewa.

Tsono wina akupatsani vidiyo yotere, mwina wofufuza kapena wosunga mbiri, n'kunena kuti akufuna chikalata chimodzi cha zonse zimene zayankhulidwa. Pamenepo pali anthu awiri oyankhula nthawi imodzi, m'zilankhulo ziwiri, wina mokweza wina motsitsa. Ambiri amangolemba zimene zikumveka bwino, zomwe ndi za womasulira, n'kuika dzina la mayi wa ku Chilobwe patsogolo pake. Chikalata chotere n'chabodza, ngakhale liwu lililonse litalembedwa molondola. Mayiyo sananene mawu amenewo. Anawanena ndi munthu wa mu situdiyo, powerenga zimene wina anamasulira ndi kufupikitsa kuti zikwane nthawi.

Musanayambe kulemba, yambani mwafufuza ngati mawu a mwiniwake angapezeke paokha. Fayilo imodzi ya vidiyo imatha kunyamula mizere ingapo ya mawu, ndipo nthawi zina wa mwiniwake umakhala momwemo, wosaphimbidwa. Mu pulogalamu ya VLC, tsegulani Audio kenaka Audio Track, muone ngati pali yoposa umodzi. Amene ali ndi ffmpeg atha kufunsa fayiloyo motere:

```
ffprobe -show_streams -select_streams a vidiyo.mp4
```

Mzere ukakhala umodzi wokha, mvetserani khutu lililonse palokha. Mawu a sitiriyo ali ndi mbali yamanzere ndi yamanja, ndipo m'mafayilo ena ochokera kwa akonzi, womasulira amakhala mbali ina, mawu ojambulidwa pamalopo mbali inanso. Mu Audacity, lamulo la Split Stereo to Mono limalekanitsa mbali ziwirizi. Mukapeza zotere, ntchito yapepuka.

Pali njira ina imene anthu amaitama kuposa mmene imathandizira. Mawu a womasulira nthawi zambiri amaikidwa pakati, kutanthauza kuti ndi ofanana ndendende kumanzere ndi kumanja. Mukachotsera mbali yamanja ku yamanzere, chilichonse chofanana chimafufutika, n'kutsala chosiyana chokha:

```
ffmpeg -i vidiyo.mp4 -af "pan=mono|c0=c0-c1" chotsala.wav
```

Vuto lake n'lakuti wofunsidwa mafunso amajambulidwa kawirikawiri ndi maikolofoni imodzi, choncho nayenso amakhala pakati pomwepo. Mukachotsera, onse awiri amasowera limodzi, mumatsala ndi nyimbo kapena kaphokoso chabe. Mudzadziwa msanga kuti zakanika, chifukwa fayilo yatsopanoyo imangoti zii, kapena kumveka ngati munthu akuyankhulira m'madzi. Yesani, poti n'zamphindi imodzi, koma osatayapo tsiku. Kukweza voliyumu nakonso sikuthandiza: onse awiri amakwera limodzi, ndipo wapamwamba amakhalabe pamwamba.

Zikatero chatsala ndi makutu, mahedifoni abwino, ndi kudziwa mmene akonzi amayalira mawuwa. Mwambo wake ndi wakuti mwini nkhani amayamba yekha kwa sekondi imodzi kapena zingapo, womasulira n'kulowa mochedwa, ndipo nthawi zambiri amatsiriza msanga kuti mwiniwake amvekenso kumapeto. Pakati apo womasulira amapuma pakutha pa chiganizo chilichonse. Mipata imeneyi, ya kumayambiriro, ya kumapeto ndi ya popumira, ndi pamene mawu enieni amatulukira.

Tiyerekeze kachigawo ka masekondi 24, kuyambira pa 01:12 kufika pa 01:36. Mawu a chitsanzochi ndi ongopeka pofuna kuonetsa ntchitoyo. Mumvetsera kachigawoka maulendo atatu osiyana, ndipo ulendo uliwonse muli ndi ntchito imodzi. Woyamba ndi wa womasulira yekha. Mulemba Chingerezi chake monga mwachimvera, osakonza, ndi nthawi imene walowa ndi imene watuluka, tinene 01:14 ndi 01:33. Tanthauzo la zimene wanena likhale lakuti madzi anabwera usiku, phiri linagumuka, nyumba zambiri zinapita, ndipo iye anathawira kusukulu.

Ulendo wachiwiri ndi wa mayiyo, ndipo apa ndi pamene pamafunika kudziletsa. Phimbani zimene mwalemba poyamba zija. Munthu akadziwa kale tanthauzo, khutu limayamba kumva zimene likuyembekeza, ndipo mudzalumbira kuti mwamva liwu limene kulibe. Chepetsani liwiro la vidiyo pang'ono, mwina kufika pa 0.75 ya liwiro lake. Mukatsitsa kwambiri mawu amatafunika. Bwerezani kachidutswa ka masekondi atatu kapena anayi mpaka mutatsimikiza. Pa 01:12 mukumva bwino lomwe kuti "Madzi anabwera usiku, tili mtulo." Kenaka waphimbidwa. Pa 01:21, womasulira akupuma, kwatuluka kuti "akuti phiri lagumuka". Pa 01:27 mukumva ngati "zitatu", koma simukutsimikiza. Pa 01:33 womasulira watha, ndipo mayiyo akumaliza yekha kuti "mpaka pano sitinawaone."

Ulendo wachitatu ndi wolumikiza. Musalumikize potsata wotchi yokha, chifukwa womasulira ali m'mbuyo poyamba, kenaka amapitirira kutsogolo kuti amalize msanga. Zimene akunena pa 01:21 si zimene mayiyo akunena pa 01:21. Gwirani zinthu zimene sizisintha pomasulira, monga mayina a malo, mayina a anthu ndi manambala. Liwu ngati Soche kapena sukulu limamveka ngakhale pansi pa mawu a wina, ndipo likakupezekerani mbali zonse ziwiri, mwadziwa kuti ziganizo ziwirizo n'zapaubale. Chigawocho chikamalizidwa chimaoneka motere:

```
01:12-01:36
MAYI (Chichewa): Madzi anabwera usiku, tili mtulo [sizikumveka 01:14-01:21] akuti phiri lagumuka [sizikumveka] [zitatu?] [sizikumveka 01:28-01:33] mpaka pano sitinawaone.
WOMASULIRA (Chingerezi, 01:14-01:33): ...
NDEMANGA: ...
```

Pa mzere wa womasulira pamalowa mawu ake onse a Chingerezi. Chikalata ndi chimodzi, nthawi ndi imodzi, koma aliyense ali pa mzere wake. Chigawo chilichonse chithere pamene mwini nkhani wamaliza ganizo lake, osati pamene womasulira wapumira.

Taonani zimene zatuluka m'masekondi 24 okha. Mayiyo anati "akuti". Sanaone phiri likugumuka, anamva kwa anthu, pamene womasulira wanena ngati zoona ndi maso. Ngati analidi kunena nyumba zitatu, womasulira wazisandutsa zambiri. Ndipo chiganizo chomaliza, chonena za anthu amene sanapezeke, sichinamasuliridwe n'komwe. Sikuti womasulirayo ndi wachinyengo. Anapatsidwa masekondi 19 kuti anenemo za masekondi 24, ndipo timawu tosonyeza kukayika, kubwereza ndi kudzikonza ndi timene timayamba kutayidwa. Koma kwa wofufuza amene akufuna kudziwa amene anaona chiyani, "akuti" ameneyo ndiye nkhani. Kusiyana kotereku kumalembedwa pa mzere wa ndemanga. Simukonza womasulira, simukonzanso mayiyo.

Chiyeso chachikulu chili pa mipata ija yolembedwa kuti sizikumveka. Inu Chichewa mumachidziwa, tanthauzo mwalimva m'Chingerezi, ndiye dzanja limayabwa kuti mungobwezera Chingerezicho m'Chichewa n'kutseka mpatawo. Chiganizocho chidzaoneka chokongola, ndipo palibe adzadziwe kuti ndi chanu. Vuto lake ndi lomwelo. Wowerenga adzachigwira ngati mawu a mayiyo, pamene chadutsa m'manja mwa anthu awiri, womasulira ndi inu. Ine ndimaona kuti chikalata chodzaza mipata yoonekera n'chodalirika kuposa chosalala paliponse, ndipo ndikalandira chosalala kuchokera ku vidiyo yamtunduwu ndimayamba kuchikayikira. Ngati wokutumani akufuna kuti owerenga Chichewa amve zonse, masulirani mawu a womasulirayo pa mzere wachinayi, n'kulemba poyera kuti kumasuliraku n'kwanu ndipo kwachokera ku Chingerezi.

Chithunzi nacho chimathandiza. Kamera ikachoka pankhope ya woyankhula n'kuonetsa matope kapena mabwinja, mawu akupitirirabe, khalani tcheru. Akonzi amabisa malo odulidwa pansi pa zithunzi zotere. Mwina chiganizo cha patsogolo chinanenedwa patapita mphindi khumi, poyankha funso lina. Chizindikiro chake ndi phokoso la pamalopo: tambala amene amalira wadukiza mwadzidzidzi, kapena mphepo yasintha kamvekedwe. Womasulira amawerenga mosadukiza pamwamba pa msoko umenewo, choncho m'Chingerezi simungauzindikire. Lembani [mwina padulidwa] pamalopo. Milomo ikamaoneka, ingakuthandizeni kutsimikiza liwu limene mwalimva kale pang'ono, makamaka la zilembo zotseka milomo monga m, b ndi p, koma musalembe liwu lochokera ku milomo yokha.

M'mafilimu omasuliridwa a m'mavidiyo sho muli chinanso. Womasulira uja samangomasulira. Amathirira ndemanga, amaseka, amachenjeza wosewera kuti mdani ali kumbuyo, nthawi zina amapereka moni kwa anzake. Pamenepo mzere wake uyenera kusiyanitsa zomasulira ndi zowonjezera, ndipo njira yodziwira ndi yosavuta: akamayankhula pamene palibe wosewera akuyankhula pansi pake, zambiri mwa izo ndi zake. Ngati chilankhulo cha pansicho simuchidziwa, kaya ndi Chihindi kaya Chitchaina, lembani nthawi imene wosewera wayamba ndi kusiya, tchulani chilankhulocho, mzerewo muusiyire wochidziwa.

Za nthawi, olemba zoyankhulidwa amawerengera kuti ola limodzi la mawu omveka bwino limadya maola 4 kapena kuposa. Vidiyo yophimbidwa imadya ochuluka kuposa apo, poti mukuidutsa katatu, ndiye gwirizanani mtengo mutamvetsera kaye mphindi zingapo. Pamwamba pa chikalata lembani kumene vidiyo yachokera, zilankhulo zake, tanthauzo la zizindikiro zanu, ndiponso ngati mawu a mwiniwake munawapeza paokha kapena munawatola pansi pa womasulira. Zigawo zokayikitsa mupatse munthu wina wodziwa chilankhulocho kuti amvetsere asanaone zimene mwalemba. Mukagwirizana, chotsani chizindikiro cha funso. Mukasiyana, chisiyeni. Ndipo ngati mawuwo akakhala umboni pa mlandu kapena alowa m'buku, lemberani amene anajambula vidiyoyo, mupemphe zojambula zoyambirira zisanakonzedwe.