Madzi Othamanga Pakati, Oima M'mbali: Masamu a M'kachubu

Wodwala akafika kuchipatala atatha madzi m'thupi, monga zimachitikira ndi kolera, namwino sasankha kanula mwachisawawa. Amafuna yotakata komanso yaifupi, kuti diripi ilowe msanga. Kutakata kwake kumaoneka kochepa m'maso, koma madzi odutsamo amachuluka modabwitsa. Chifukwa chake chili m'masamu amene Gotthilf Hagen, injiniya wa ku Germany, anawaona mu 1839, ndipo Jean Poiseuille, dokotala wa ku France wofufuza kayendedwe ka magazi, anawatsimikiza m'zaka za m'ma 1840 poyendetsa madzi m'timachubu tagalasi. Iwo anapeza lamuloli poyeza. Ife tingalipeze ndi pensulo.

Poyambira pake ndi chinthu chovuta kukhulupirira: madzi okhudza khoma la paipi sayenda. Amamatirira pomwepo. Oyandikana nawo amakwawa, otsatira amawonjezera liwiro pang'ono, mpaka apakati ndiwo amathamanga kwambiri. Tingayerekeze madziwo ngati timachubu topyapyala tolowetsana, kalikonse kakutsetsereka pa kanzake, kamkati kakukoka kakunja, kakunja kakubweza kamkati. Kukokana kumeneku kumadalira kunanda kwa chinthucho. Uchi umananda kwambiri, madzi pang'ono, ndipo kunandaku timakulemba ndi chilembo μ.

Tsopano titenge paipi yowongoka, yogona, yotalika L, imene kuchokera pakati kufika pakhoma pali mtunda R. Pulesha kolowera ndi yaikulu kuposa kotulukira, ndipo kusiyana kwake ndi ΔP. M'maganizo mwathu tidule ndodo yamadzi pakati pa paipiyo, yotakata mtunda r kuchokera pakati. Ndodoyi ikukankhidwa kumbuyo kwake ndi pulesha, pa malo aakulu πr². Ikubwezedwanso ndi madzi oizungulira, pakhungu lake lonse, lomwe kukula kwake ndi 2πrL. Kubweza kwa pa kachigawo kalikonse ka khungulo tikutche τ. Popeza madziwo sakuwonjezera liwiro kapena kuchepetsa, mphamvu ziwirizi ziyenera kufanana ndendende:

```
ΔP · πr² = τ · 2πrL
τ = ΔP · r / (2L)
```

Mzere wachiwiriwo ukunena kuti pakati penipeni, pomwe r ndi ziro, palibe kukokana, ndipo kumakula mofanana mpaka kufika pachimake pakhoma. Pano ndi pamene ndimaona kukoma kwa nkhaniyi, chifukwa sitinatchule n'komwe ngati m'paipimo muli madzi, mafuta kapena uchi.

Mtundu wa chinthucho umalowa tsopano. Kwa madzi ndi mafuta wamba, kukokana kumafanana ndi kunanda kuchulukitsa ndi mmene liwiro u likutsikira tikamasuntha kuchoka pakati kupita kukhoma. Tikaphatikiza mfundoyi ndi yoyamba ija, timapeza kuti liwiro limatsika pang'onopang'ono pafupi ndi pakati, koma mofulumira pafupi ndi khoma. Kuwonkhetsa kutsika konseko, kumene kukukula molingana ndi r, kumabala r². Chotsala ndi kukumbukira kuti pakhoma liwiro ndi ziro:

```
τ = −μ · du/dr
u(r) = ΔP · (R² − r²) / (4μL)
```

Mukajambula mivi yosonyeza liwiro kuchokera khoma lina kufika lina, nsonga zake zimapanga uta wonga mutu wa dzira. Dzina lake ndi parabola. Tangoonani: pa theka la mtunda wopita kukhoma, madzi amakhala akuthamangabe magawo atatu mwa anayi a liwiro lapakati. Kutsika kwakukulu kumachitikira m'theka lakunja.

Koma namwino kapena mlimi sawerenga liwiro, amawerenga madzi otuluka pa mphindi, omwe timawatcha Q. Tigawe pakamwa pa paipi m'timphete. Kalikonse kamatulutsa madzi ofanana ndi kukula kwake, 2πr dr, kuchulukitsa ndi liwiro la pamenepo. Tikawonkhetsa timphete tonse kuchokera pakati kufika pakhoma, yankho limatuluka loyera:

```
Q = π · R⁴ · ΔP / (8μL)
```

Apa zikuonekanso kuti liwiro lapakatikati la madzi onse ndi theka chabe la liwiro la amene ali pakati penipeni.

Kanambala 4 kali pamwamba pa R ndiko mwini nkhani. Magawo awiri akuchokera ku kukula kwa pakamwa pa paipi, monga aliyense angaganizire. Awiri enawo akuchokera ku parabola: paipi ikatakata, madzi apakati amatalikirana ndi khoma lowabweza, motero amathamanga kwambiri. Njira yakula, oyendamonso afulumira. Kutalika kwa paipi, pulesha ndi kunanda zilibe mphamvu yotere. Mukawirikiza pulesha, madzi amangowirikiza kawiri. Mukawirikiza kutakata, amachuluka ka 16.

Tiyese ndi kachubu kotalika mita imodzi, kotakata mamilimita 2 mkati, ndiye kuti R ndi milimita imodzi. Tikalumikize kunsi kwa chidebe chimene madzi ake ali masentimita 10 pamwamba pa kotulukira. Msinkhu umenewu umapereka pulesha pafupifupi mapasikalo 1,000, ndipo kunanda kwa madzi pa madigiri 20 ndi pafupifupi 0.001 m'miyezo yogwirizana nayo. Tikaika nambalazi, madzi apakati akuyenda masentimita 25 pa sekondi, apakatikati 12.5, ndipo m'kapu mukugwa mamililita pafupifupi 24 pa mphindi. Botolo la lita imodzi lingadzaze pakatha mphindi zoposa 40. Tsopano ndere kapena dothi zimatire m'kati mpaka njira itsale theka: 24 ija igwa kufika pa 1.5, ndipo botolo lomwelo lifuna maola pafupifupi 11. Kuti madzi abwerere mwakale, chidebe chiyenera kukwezedwa mpaka msinkhu ufike mamita 1.6.

Lamuloli lili ndi malire, ndipo ambiri amalakwa polinyamula kupita nalo ku mapaipi a m'nyumba. Zonse tachitazi zadalira kuti madzi akuyenda mwabata, m'mizere yosasakanikirana. Mu 1883, ku Manchester, Osborne Reynolds analowetsa utoto m'madzi oyenda m'paipi yagalasi. Pa liwiro lochepa utotowo unkayenda ngati ulusi wowongoka, koma atatsegula kwambiri unabalalika n'kudetsa madzi onse. Nambala yodziwika ndi dzina lake imaneneratu zimenezi, pogwiritsa ntchito kulemera kwa madzi pa muyezo ρ, liwiro lapakatikati V ndi kutakata konse D:

```
Re = ρ · V · D / μ
```

Ikakhala pansi pa 2,000 kapena chapomwepo, bata limakhalapo. Kachubu kathu kaja kali pa 250, kotero masamu akugwira bwino. Koma tikakatakasa kawiri, nambala imafika pa 2,000, m'mphepete mwenimweni, ndipo 16 tinalonjeza ija situluka yonse. Chifukwa china n'chakuti parabola siibadwa pakhomo pomwe. Madzi amalowa ndi liwiro lofanana pafupifupi paliponse, ndipo amafuna mtunda kuti akhazikike: masentimita atatu m'kachubu koyamba, koma pafupifupi theka la mita m'kachiwiri. N'chifukwa chakenso kanula, pokhala yaifupi, sitsata ndendende lamulo la R⁴, ngakhale yotakata imapambanabe kutali. Paipi ya kumpopi ya mamilimita 15, madzi akuyenda mita imodzi pa sekondi, ili pa 15,000. M'menemo madzi amavunduka, liwiro limafanana pafupifupi ponseponse kupatula pafupi ndi khoma, ndipo kuti madzi awirikize kawiri pamafunika pulesha yochuluka katatu kapena kanayi.

Kudziwa mbali imene paipi yanu ili sikufuna makina. Tengani kapu yoyezera ndi wotchi, yezani madzi a mphindi imodzi, kenako kwezani chidebe kuti msinkhu uwirikize kawiri. Madzi akawirikizanso kawiri, muli m'dera la Poiseuille. Akangowonjezera ndi theka kapena kuchepera apo, m'katimo mwavunduka, kapena chubu chanu chafupika kwambiri.