Kasitomala akakalipa pagulu, yankho lisakhale la mkwiyo

Mayi wina wogulitsa mpunga wa Kilombero mumzinda wa Lilongwe anaika chithunzi pa Facebook kutsatsa matumba a makilogalamu 5. Pasanathe ola, pansi pa chithunzicho wina analemba kuti: "Akuba inu! Thumba lomwe ndinagula sabata yatha linali la makilo 4 ndi theka, komanso munali miyala."

Zikatere, chala chimathamangira kufufuta mawuwo. Koma wokwiya amakhala atajambula kale zomwe walemba, ndipo akaona kuti zachotsedwa amazimwaza m'magulu a WhatsApp, nkhani n'kusanduka yakuti wamalonda akubisa chinyengo. Kukanikiza Hide nakonso sikuthetsa nkhani, chifukwa wolembayo ndi anzake amawaonabe mawuwo.

Mayiyu anayamba wafufuza asanayankhe. M'kope la malonda komanso m'mauthenga a Airtel Money anapeza kuti munthuyo anaguladi. Kenako anaika paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi pasikelo yake, ndipo inawerenga magalamu 1,100. Sikelo inali yolakwika, ndipo thumba lililonse limaperewera pafupifupi theka la kilo.

Tsiku lomwelo anayankha pomwepo, pomwe aliyense akuona: "Pepani kwambiri, bambo. Tayesa sikelo yathu ndipo tapeza kuti imalakwitsadi, moti tasiya kuigwiritsa ntchito. Tikuimbirani lero kuti tikubweretsereni thumba lina losankhidwa bwino, kapena tikubwezereni ndalama."

Yankholi silinatsutsane ndi mawu akuti "akuba". Linatchula vuto lenileni, chomwe chachitika kale ndi chomwe kasitomala alandire. Anthu ambiri owerenga salemba kanthu, koma amakhala akuyeza ngati angatumize ndalama zawo kwa munthu ameneyu katundu asanamuone. Za nambala ya foni, komwe kasitomala amakhala ndi ndalama zomwe analipira zinakambidwa pafoni, chifukwa kuziika pagulu kumaoneka ngati kufuna kumuchititsa manyazi.

Thumba litafika, mayiyu anabwerera pachithunzi chija n'kulemba kuti nkhani yatha, ndipo onse omwe anagula sabata imeneyo abwere adzawonjezeredwe mpunga. Izi zinamudyera makilo angapo, koma zinatseka pakamwa ena omwe akanabwera ndi dandaulo lomwelo. Sikelo yamalonda imayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo wamalonda yemwe yake inayesedwa amakhala ndi poyambira mkangano wotere ukabuka.

Si dandaulo lililonse lofuna kupepesa. Ngati m'kope mulibe dzina la wodandaula, wamalonda angomufunsa mwaulemu tsiku lomwe anagula ndi uthenga wotsimikiza kuti analipira. Akalephera kuonetsa n'kumangotukwana, yankho limodzi lakwana. Kubwezerana mawu kumakankhira nkhaniyo kwa anthu ambiri, ndipo omwe anabwera kudzafunsa mtengo wa mpunga amatsala akuonerera ndewu.