Kuthokoza malo odyera amene akonza cholakwa pa phwando

Mawu othokoza malo odyera amamveka oona akatchulanso zimene zinalakwika. Kungolemba kuti chakudya chinali chokoma sikuthandiza kwenikweni, chifukwa munthu amene akufuna kupereka oda amafuna kudziwa zimene eni malowo amachita zinthu zikavuta.

Chitsanzo chingakhale cha banja limene lapereka oda ya anthu 40 pa phwando la agogo okwanitsa zaka 80, m'nyengo yotentha ya Okutobala. Chakudya chafika 12 koloko masana. Nkhuku ndi chambo zili bwinobwino, koma povundukula mpunga, fungo losasa lawalandira, ndipo mpungawo ukunanda. Wolemba mawu othokoza amayambira pamenepa: tsiku, kukula kwa oda ndi chimene chinawonongeka, mosakokomeza.

Gawo loyenera kupatsidwa malo ambiri ndi la zimene eni malowo anachita. M'chitsanzochi, manijala atalandira foni sanatsutse kapena kuloza chala woyendetsa galimoto. Anabwera yekha, n'kupepesa kwa agogowo pamaso pa ana awo, n'kuvomera kuti mpungawo unaphikidwa 6 koloko m'mawa ndipo unakhala wovundikira magetsi atathima. Anagawira alendo samusa ndi zakumwa kuti ayambe apha njala, ndipo pomakwana 1:30 mpunga watsopano unali patebulo. Mtengo wa mpunga anauchotsa pa bilu asanapemphedwe.

Choyamikirika kwambiri apa, ngakhale ambiri sachiona, n'chakuti mpunga woyambawo sanangoutenthetsanso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri, pokhapokha chikusungidwa chili chotentha kuposa madigiri 60. Mumpunga wokhalitsa mumaswana tizilombo totchedwa Bacillus cereus, ndipo poizoni amene timatulutsa satha ndi moto. Mpunga wotere umasanzitsa ngakhale utenthetsedwe bwanji, ndipo nthawi zina sununkha n'komwe. Kuutaya kunali kuluza ndalama, koma kunateteza agogo ndi zidzukulu, amene matenda a m'mimba amawafooketsa msanga. Wothokoza akatchula mfundoyi, owerenga amadziwa kuti malowo amasamala za thanzi la makasitomala awo.

Dzina la wophika amene analakwitsa sililembedwa, popeza mawu oyamikira asakhale chochotsetsa munthu ntchito. Amene anathandiza angatchulidwe ndi udindo wake, monga bambo manijala kapena mayi operekera zakudya. Ngati panali kubwezeredwa ndalama kapena kupatsidwa chakudya chaulere, n'koyenera kunena poyera, kuti owerenga asadzaganize kuti chiyamikirocho chinachita kugulidwa.

Chomaliza ndi kunena ngati banjalo lingadzaperekenso oda kumeneko. M'chitsanzochi yankho ndi inde, koma pangano lidzakhala lakuti mpunga uphikidwe patatsala ola limodzi kuti unyamulidwe.