Njinga ya utsi ndi njinga ya kabaza: kusiyana kwagona pa oyilo

Mukaima pa siteji ya kabaza ku Mchesi kapena ku Ndirande, pafupifupi njinga zamoto zonse zomwe muone n'za injini ya folo sitiroko. Yamaha DT 125, ija ankayendera alangizi a zaulimi, yolira mokweza n'kumasiya kautsi kabuluu kumbuyo, ndi ya thu sitiroko. Sikuti anyamata a kabaza amadana nayo. Anangowerengera ndalama.

Mu thu sitiroko, petulo amaphulika nthawi iliyonse pisitoni ikafika pamwamba. Mu folo sitiroko, pisitoni imakwera kawiri kuti petulo aphulike kamodzi, ndipo muli mavavu otsekula ndi kutseka njira pa nthawi yake. Thu sitiroko ilibe mavavu oterewa. Pisitoni yomweyo ndiyo imatsekula mabowo a m'mbali mwa silinda, ndipo pamakhala kamphindi pomwe bowo lolowetsa petulo ndi lotulutsa utsi ali otsekuka onse awiri. Petulo wina amangodutsa n'kutulukira ku ekizozi asanapse. Ndiwo mtengo wa nyonga zake zija.

Tiyerekeze wakabaza woyenda makilomita 120 pa tsiku. Ngati folo sitiroko yake ikuyenda makilomita 40 pa lita, agula malita 3. Thu sitiroko yoyenda makilomita 25 pa lita imumwera pafupifupi malita 5. Pa masiku 26 a ntchito, kusiyanako kwaposa malita 45. Manambalawa amasintha malinga ndi katundu, msewu ndi dzanja la woyendetsa, koma yomwa kwambiri imakhala yomweyo.

Nkhani yaikulu ndi oyilo. Thu sitiroko imawotcha oyilo wake pamodzi ndi petulo, n'chifukwa chake imafuka. Oyiloyo ndi wolembedwa 2T pa botolo. DT ili ndi kathanki kake ka oyilo ndi kapampu komwe kamamuthira mu injini pang'onopang'ono. Vuto n'lakuti kapampuka kakafa sikachenjeza. Njinga imayenda bwinobwino, utsi n'kuchepa, mwini wake n'kumasangalala kuti yasiya kufuka, kenako pisitoni imatentha, kufufuma, n'kukanirira mu silinda pakati pa ulendo, mwina tayala lakumbuyo n'kugwira. Choncho thu sitiroko ikasiyiratu utsi, imani muone. Amakaniko ambiri amangochotsa kapampuko n'kuuza mwini njinga kuti azisakaniza yekha. Zimatheka, bola muyezo: ngati buku la injiniyo likuti 50:1, ndiye mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, 25:1 ndi mamililita 40. Wothira mongoyerekeza, akachepetsa amapha pisitoni, akachulutsa pulagi imada n'kunyowa, njinga n'kumakana kulira m'mawa, ekizozi n'kudzaza mwaye mpaka mphamvu kutha.

Folo sitiroko siwotcha oyilo. Amakhala pansi pa injini, pafupifupi lita imodzi m'njinga zazing'onozi, n'kumazungulira. Oyilo yemweyo amatumikira injini, kilatchi ndi magiya, choncho amatopa msanga, makamaka m'misewu ya fumbi. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Poti njinga sikupempha oyilo tsiku ndi tsiku, munthu amaiwala, mpaka tsiku lomwe makaniko amasula bawuti ya pansi n'kutuluka zakuda bii, zosakwana ndi kapu yomwe. Pofika apo kamushafuti yadyeka kale, tcheni cha m'kati chikuchita phokoso. Oyilo wake ndi wolembedwa 4T. Wina wa galimoto amatereretsa kilatchi. Ndipo utsi wabuluu, womwe pa DT ndi chizindikiro cha moyo, pa folo sitiroko ukutanthauza kuti maring'i kapena timphira ta mavavu tatha ndipo oyilo akulowa mopsera petulo.

Nanga yolimba ndi iti? Folo sitiroko yosamalidwa imayenda mtunda wautali isanatsekulidwe, ingofuna kusintha oyilo ndi kutchuna mavavu akayamba kulira ngati mashini osokera. Thu sitiroko imadya maring'i ndi pisitoni msanga, koma kukonza kwake n'kosavuta: kumasula manati ochepa, kuchotsa mutu ndi silinda, ntchito yotheka pansi pa mtengo tsiku lomwelo, ngati sipeya wapezeka. Folo sitiroko ikanoka, ndalama yake imawawa.

Kwa ine, wonyamula anthu m'tauni asavutike n'kuganiza: folo sitiroko. Wokwera zitunda za ku Neno nthawi ya dzinja, wofuna njinga yopepuka yoti akhoza kuizula yekha m'matope, DT ikadali ndi malo ake, koma ayambe wafunsa ngati m'dera lakelo mumapezeka oyilo wa 2T ndi pisitoni ya saizi yake.