Mukufuna droni ikhale m'mwamba mphindi 20? Yambani ndi sikelo

Chitsegulireni malo oyeserako madroni ku Kasungu mu 2017, achinyamata ambiri kuno kwathu ayamba kulumikiza okha tindege ta mapiko anayi. Ambiri akaona kuti kandege kawo kakutera msanga amathamangira kugula batire lalikulu. Kawirikawiri ndalamayo imangopita m'madzi, chifukwa batire nalonso ndi katundu amene droni iyenera kusenza.

Tiyerekeze kuti mukufuna droni yojambula minda, yokhala m'mwamba mphindi 20, ndipo yonse pamodzi ndi batire ikulemera magalamu 1,500. Mamota alipo anayi, choncho iliyonse inyamula magalamu 375 droni ikangoima malo amodzi m'mwamba. Koma mota isamagwire ntchito ndi mphamvu zake zonse kuti ingoimika droni. Sankhani yotha kunyamula kuwirikiza kawiri, magalamu 750 kapena kuposerapo, kuti mphepo ikawomba pakhale mphamvu yotsala yodziwongolera.

Opanga mamota odalirika amapereka tebulo losonyeza magalamu amene mota imanyamula pa wati imodzi ikavekedwa mapiko akutiakuti. Mota yopanda tebulo limeneli musagule, ngakhale itchipe bwanji. Tinene kuti pa mota yolembedwa 900KV, yokhala ndi mapiko a mainchi 10, tebulo likusonyeza magalamu 8 pa wati. Gawani 1,500 ndi 8, mupeza mawati pafupifupi 188. Onjezerani mawati 12 a kamera ndi tizipangizo towongolera, akwana 200.

Batire likanati lipereke mphamvu yomweyo kwa ola lathunthu, likanafunika la 200 Wh. Mphindi 20 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ola, ndiye mukufunika 67 Wh. Batire la LiPo silifuna kukamulidwa mpaka kuuma, limawonongeka, choncho anthu amagwiritsako magawo 80 pa 100 alionse. Motero mugule losachepera 83 Wh. Pa mabatire amalembapo mAh ndi mavoti. Lolembedwa 4S limakhala la mavoti 14.8, ndipo la 6,000 mAh limasunga pafupifupi 89 Wh. Limeneli likupatsani mphindi 21. Limalemera cha m'ma magalamu 600, kutanthauza kuti thupi la droni, mamota, mawaya ndi kamera zisapitirire 900. Zikapitirira, bwererani poyamba muwerengenso.

Nanga mutaika mabatire awiri otere? Droni ifika magalamu 2,100. Vuto n'lakuti moto umene imadya umakwera msanga kuposa kulemera kwake: kulemerako kwawonjezeka ndi magawo 40 pa 100, koma mawati achoka pa 200 kufika cha m'ma 320. Mwalipira kawiri, koma mphindi zangochoka pa 21 kufika pa 26, ndipo droni yayamba kuyenda mwaulesi, mamota akutentha.

Mphindi zomwezo mukhoza kuzipeza pa mapiko. Phiko lalikulu lozungulira pang'onopang'ono limakankha mpweya wambiri mofatsa, ndipo limadya moto wochepa kuyerekeza ndi laling'ono lothamanga kwambiri. Mapiko a mainchi 13 akhoza kufika magalamu 10 pa wati, ndiye droni yomwe ija idya mawati 162, batire limodzi lomwelo n'kufika mphindi 26. Koma phiko lalikulu limafuna mota ya KV yotsika. Nambala ya KV imanena kuti mota yopanda phiko izungulira kangati pa mphindi pa voti iliyonse. Mukaveka phiko la mainchi 13 pa mota ya 900KV ndi batire la 4S, motayo ikakamira liwiro limene phiko silikulola, ikoka moto wochuluka, n'kupsa. Onaninso kuti mikono ya droni ndi yaitali mokwanira kuti mapiko asagundane. Dziwaninso kuti mapiko aakulu amachedwa kusintha liwiro, choncho pa mphepo ya mwera droni imagwedezeka kwambiri.

Malo nawonso amasintha masamu. Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, pomwe mpweya ndi wopepukirapo kuposa wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Mwezi wa Okutobala kukatentha umapepukiratu, mapiko amazungulira kwambiri kuti anyamule katundu yemweyo, ndipo mphindi imodzi kapena kuposerapo imachoka.

Mukamaliza kulumikiza, iulutseni mphindi zisanu zokha, ili malo amodzi. Ngati ndodo yokwezera liwiro ikufika kupitirira theka kuti droni ingoima, ndiye kuti yalemera kuposa mamota ake. Ikatera, mapiko ataima, gwirani mota iliyonse: ngati chala sichikupirira, phiko lakula kapena katundu wachuluka. Kenako tchajani batire muone mAh amene tchaja yabwezeramo. Pa droni ya mapiko a mainchi 10 ija ayenera kukhala pafupifupi 1,100. Akafika 1,500, musayembekezere mphindi zoposa 16.